Kawerengedwe ka Mafuta a Munthu Mmodzi pa Ulendo wa Minibasi

Kuti mudziwe ndalama ya mafuta imene imagwera wokwera aliyense pa ulendo wa minibasi, pamafunika manambala anayi: kutalika kwa ulendo, mamwedwe a galimoto, mtengo wa lita imodzi, ndi chiwerengero cha anthu olipira. Samu yake ndi ya ku pulayimale, kugawa kawiri ndi kuchulukitsa kamodzi basi. Pamene pamakhota nyani mchira ndi pa manambala amene mukulowetsa m'samuyo, makamaka awiri: mamwedwe a galimoto, amene ambiri amangowanena pamtima osayeza, ndi chiwerengero cha okwera, chimene ambiri amachitenga ngati kuti minibasi imakhala yodzaza ulendo wonse.

Titsata chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: minibasi ya Toyota Hiace ya dizilo yoyenda pakati pa Lilongwe ndi Dedza pa msewu wa M1. Mamwedwe, mtengo wa mafuta ndi anthu amene tiwagwiritse ntchito ndi ongoyerekeza kuti samu ioneke bwino. Inu muikepo anu.

Gawo loyamba: yezani mtunda

Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85. Nambala imeneyi ndi yoyambira chabe, chifukwa minibasi yanu siyambira pakati pa mzinda n'kukathera pakati pa boma monga amayezera a mapu. Imachoka kumene imagona, imapita kothira mafuta, imalowa m'depoti, mwina imazungulira kufuna anthu isanagwire msewu. Choncho yezani nokha. Pa wotchi ya liwiro pamakhala manambala awiri: ODO, amene amaonetsa mtunda wonse umene galimoto yayenda chipangidwire, ndi TRIP, amene mungawabweze pa ziro podina kabatani kake kwa kanthawi. Bwezani TRIP pa ziro ponyamuka m'depoti, muwerenge pofika. Chitani zimenezi maulendo angapo kuti muone ngati nambala ikubwera yofanana.

Wotchiyo nayo imanama. Imawerenga kuzungulira kwa matayala, ndiye ngati munaika matayala aakulu kuposa amene galimoto inabwera nawo, tayala likuyenda mtunda wautali pa kuzungulira kumodzi ndipo wotchi ikuonetsa makilomita ochepa kuposa enieni. Kuchoka pa 195R14 kupita pa 195R15 kumasiyanitsa pafupifupi makilomita 4 pa 100 aliwonse. Njira yoigwirira ndi yapafupi: yerekezani zimene wotchi yanena ndi mtunda umene mapu a pafoni akuonetsa pakati pa malo awiri odziwika. Ngati wotchi inafa kale, monga zilili ndi maminibasi ambiri, dalirani mapuwo, muwerenge maulendo amene mwayenda n'kuchulukitsa.

Gawo lachiwiri: yezani mamwedwe a galimoto yanu

Apa m'pofunika kudekha. Musatenge nambala ya m'buku la galimoto kapena imene ananena wogulitsa. Imeneyo inayezedwa galimoto ili yatsopano, yopanda katundu, yosaima siteji iliyonse. Musatengenso ya mnzanu ngakhale galimoto zanu zili za mtundu umodzi, pakuti injini ziwiri zofanana dzina zimamwa mosiyana malinga ndi kutha kwake komanso phazi la dalaivala. Geji ya mafuta nayo siyeza malita. Muvi wake umakhalitsa pa F kenako n'kutsika mothamanga, ndipo pa chitunda umaloza pena, pa chitsetse pena. Mawu akuti “kota thanki imandifikitsa ku Dedza” sangalowe m'samu.

Njira yodalirika ndi yodzadza thanki kawiri. Pitani pa malo othirira mafuta, muimike galimoto pamalo osapendekeka, muuze wothira adzadze mpaka pampu idule yokha. Ikadula, asaonjezere. Bwezani TRIP pa ziro. Kenako gwirani ntchito monga mwa masiku onse, ndi anthu, ndi katundu, ndi kuima konse kwa pamsewu. Mukayenda mtunda wokwanira, bwererani pa pampu yomwe ija, muimike galimoto monga munaimikira poyamba, mudzadzenso mpaka idule. Malita amene alowa ulendo wachiwiriwu ndiwo amene galimoto yamwa pa mtunda umene TRIP akuonetsa. Werengani malita pa pampu penipeni, osati kuwapeza kuchokera pa ndalama imene mwapereka.

Tinene kuti minibasi yapita ndi kubwera kawiri, TRIP akuonetsa makilomita 340, ndipo podzadzanso palowa malita 42.5. Gawani makilomita ndi malita: 340 kugawa ndi 42.5 ndi 8. Galimoto imeneyi ikuyenda makilomita 8 pa lita imodzi.

N'chifukwa chiyani mtunda wautali chonchi? Pampu siidula pa mlingo umodzimodzi nthawi zonse, makamaka pa dizilo amene amachita thovu m'khosi mwa thanki. Kusiyana kwa theka la lita n'kosadabwitsa. Ngati mwayeza pa makilomita 40 okha, pamene galimoto yamwa malita 5, theka la lita lasokoneza yankho ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Pa malita 42.5 theka lomwelo silioneka n'komwe. Yezani pa makilomita osachepera 300.

Chachiwiri, yezani popita ndi pobwera pamodzi. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene Dedza ali cha m'ma 1,600. Popita galimoto ikukwera, pobwera ikutsika. Mwa malita 21.25 a ulendo umodzi wopita ndi kubwera, n'kutheka kuti 12 atha popita ndipo 9.25 pobwera. Woyeza pobwera pokha adzanyadira kuti galimoto yake imayenda makilomita oposa 9 pa lita, ndipo samu yake yonse idzakhala yoperewera.

Tikudziwa kuti maminibasi ambiri sadzadza thanki. Amathira za ulendo umodzi, ndalama zikachokera kwa okwera omwewo. Ngati kudzadza kamodzi sikutheka, gwiritsani ntchito kope: yambani kulemba tsiku limene nyali ya mafuta yayaka, mulembe nambala ya ODO, kenako lembani malita onse amene mukuthira kwa sabata imodzi kapena ziwiri, mudzamalize pamene nyaliyo yayakanso. Phatikizani malita onse, mupeze makilomita onse, mugawe. Njira imeneyi imagwira ngati palibe tsiku limene munaiwala kulemba. Kuiwala kamodzi kokha kumachititsa galimoto kuoneka yosamwa.

Samalani ndi kanenedwe kawiri ka mamwedwe. Kuno timazolowera kunena makilomita pa lita, koma mabuku ena ndi magalimoto ena amanena malita pa makilomita 100. Pa kanenedwe koyamba nambala yaikulu ndiyo yabwino, pa kachiwiri nambala yaing'ono ndiyo yabwino. Kuti musinthe kuchoka ku kamodzi kupita ku kanzake, gawani 100 ndi nambala imene muli nayo: 100 kugawa ndi 8 ndi 12.5, kutanthauza kuti makilomita 8 pa lita n'chimodzimodzi malita 12.5 pa makilomita 100. Munthu amene wasokoneza, n'kutenga 8 uja ngati malita pa makilomita 100, adzapeza kuti ku Dedza kumafuna malita 6.8 okha. Akathira amenewo, galimoto idzathima atayenda makilomita pafupifupi 54, Dedza ali kutali.

Gawo lachitatu: mtengo wa lita

M'Malawi mitengo ya pa pampu imalengezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo ya petulo ndi ya dizilo imakhala yosiyana. Mu Novembala 2023 petulo anali pa K2,530 ndipo dizilo pa K2,734, koma mitengo yasuntha chichokereni nthawi imeneyo, choncho tengani umene uli pa pampu lero. M'chitsanzo chathu tiika K3,500 pa lita.

Nthawi ya kusowa kwa mafuta, mtengo woika m'samu ndi umene mwaguliradi. Ngati mwapeza malita 10 pa pampu pa K3,500 n'kuonjezera malita 5 a m'chigubu pa K6,000 lita imodzi, mwawononga K35,000 ndi K30,000, pamodzi K65,000 pa malita 15. Lita imodzi yakudyerani K4,333. Osangophatikiza mitengo iwiriyo n'kugawa pakati, chifukwa malita ake sali ofanana kuchuluka. Ndipo chigubu chimene akuti n'cha malita 5 chikakhala ndi 4.5, lita yake yafika pa K6,667, osanenanso za zimene angakhale atasakanizamo.

Gawo lachinayi: samu yake

Tsopano manambala atatu alipo. Yambani ndi malita: mtunda kugawa ndi mamwedwe, 85 kugawa ndi 8, ndi malita 10.625. Chulukitsani ndi mtengo: 10.625 kuchulukitsa ndi K3,500 ndi K37,187.50. Imeneyi ndiyo ndalama ya mafuta ya ulendo umodzi wa mbali imodzi. Pomaliza gawani ndi anthu olipira. Akakhala 14, aliyense wasenza K2,656.25. Pa makina owerengera a pafoni mungadinize motsatana chonchi:

```
85 ÷ 8 × 3500 ÷ 14 = 2656.25
```

Amene amasunga mawerengero pa kompyuta aike mtunda mu B1, makilomita pa lita mu B2, mtengo mu B3, anthu mu B4, kenako alembe:

```
=B1/B2*B3/B4
```

Musafupikitse manambala pakati pa samu. Mukasandutsa 10.625 kukhala 11 mwaonjezera K1,312.50 pa ulendo, mukamusandutsa 10 mwachotsa K2,187.50. Fupikitsani yankho lomaliza lokha.

Nambala ina yoyenera kuisunga pamtima ndi mtengo wa kilomita imodzi: K3,500 kugawa ndi 8 ndi K437.50. Mukaidziwa imeneyi, ulendo uliwonse umawerengeka msanga. Wina akapempha kuti mupatuke makilomita 3 kukatula katundu pakhomo, mukudziwa kuti kupita ndi kubwerera pamsewu ndi makilomita 6, mafuta a K2,625.

Gawo lachisanu: mugawe ndi anthu angati?

Dalaivala ndi kondakitala sawerengedwa, chifukwa salipira. Mwana wa pamiyendo sawerengedwa. M'bale wa mwini galimoto wokwera ulere sawerengedwa, ngakhale watseka mpando. Anyamata oitanira amene amakhala m'galimoto m'depoti kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kudzadza amatsika ikamanyamuka, ndiye werengani anthu galimoto ili pamsewu. Koma katundu amene walipiridwa ngati munthu, monga matumba amene atenga mpando wonse, muwerengeni ngati wokwera.

Onani mmene yankho limasinthira pa K37,187.50 yemweyo. Anthu 14 ndi K2,656 aliyense. Anthu 10 ndi K3,719. Anthu 7 ndi K5,313. Mafuta satsika kwambiri chifukwa choti mipando ili yopanda anthu, pakuti kulemera kwa galimoto yeniyeniyo n'kumene kumadya gawo lalikulu. Apa m'pamene pamachokera chilakolako chopanikiza anthu anayi pa mpando wa atatu: anthu 18 amatsitsa gawo la aliyense kufika pa K2,066. Pa pepala zimakoma, koma samu ya bizinesi isamangidwe pamenepo. Chiwerengero chololedwa chinalembedwa pa mapepala a galimoto, ndipo chindapusa chimodzi cha pamsewu, kapena matayala ndi masipuling'i otha msanga, zimameza phindu la maulendo angapo. Gawani ndi anthu amene lamulo likulola kapena ocheperapo.

Tsopano tifike pa zenizeni za tsiku. Minibasi ikafika ku Dedza iyenera kubwerera, ndipo kawirikawiri mbali imodzi imadzadza kuposa inzake malinga ndi nthawi ya tsiku kapena tsiku la msika. Palinso makilomita opanda wokwera: kuchoka kunyumba m'mawa, kupita ku pampu, kubwerera kukagona. Mafuta amenewa amalipiridwa ndi okwera omwewo, palibenso wina. Choncho werengani kupita ndi kubwera ngati ulendo umodzi. Makilomita 85 kawiri ndi 170, tionjezepo 10 oyenda opanda munthu, akwana 180. Kugawa ndi 8 ndi malita 22.5, kuchulukitsa ndi K3,500 ndi K78,750. Ngati popita munali anthu 14 ndipo pobwera 9, onse ndi 23, ndiye aliyense wasenza K3,424. Samu yoyamba ija inati K2,656. Kusiyana kwake ndi K768 pa munthu, pafupifupi 29 pa 100 aliwonse, chikhalirecho galimoto ndi yomweyo, msewu womwewo, mtengo womwewo. Mwini galimoto amene amaika ndalama ya tsiku yoti dalaivala abweretse potengera K2,656 adzakhala akukangana ndi antchito ake madzulo aliwonse.

Chenjerani kuti musawerenge chinthu chimodzi kawiri. Injini yolira galimoto itaima m'depoti imamwa mafuta, kwa injini za msinkhu umenewu pafupifupi lita imodzi pa ola kapena kucheperako, ndipo TRIP sasuntha. Ngati munayeza mamwedwe pa masiku a ntchito enieni, mafuta oterewa ali kale m'kati mwa 8 uja, musawaonjezerenso. Muwaonjezere pokhapokha ngati munayeza pa ulendo wosaima, monga wa hayala.

Vuto lotsatira ndi la otsikira panjira. Si onse okwera ku Lilongwe amene amafika ku Dedza. Ena amatsika pa Nathenje, ena pa Kamphata popatukira ku Nkhoma, ndipo ena amakwerera pamenepo. Kondakitala akati “ndanyamula anthu 17”, nambala imeneyo singagawidwe mwachisawawa, pakuti woyenda makilomita 35 sangafanane ndi woyenda 85.

Njira yake ndi yowerengera mtunda wa munthu aliyense. Tinene kuti mwanyamuka ndi anthu 14. Asanu atsika pa Kamphata, pa makilomita pafupifupi 35, ndipo atatu akwera pomwepo kupita ku Dedza, makilomita 50 otsalawo. Ofika kumapeto kuchokera ku Lilongwe ndi 9. Chulukitsani gulu lililonse ndi mtunda wake: 9 kuchulukitsa ndi 85 ndi 765, 5 kuchulukitsa ndi 35 ndi 175, ndipo 3 kuchulukitsa ndi 50 ndi 150. Kuphatikiza zonse ndi 1,090. Gawani ndalama ya mafuta ndi nambala imeneyi: K37,187.50 kugawa ndi 1,090 ndi K34.12. Amenewa ndi mafuta onyamulira munthu mmodzi kilomita imodzi pa ulendo umenewu. Wa ulendo wonse wasenza K2,900, wotsika pa Kamphata K1,194, wokwerera pa Kamphata K1,706. Kuti mutsimikize, bwezani samu: anthu 9 a K2,900 ndi K26,100, anthu 5 a K1,194 ndi K5,970, anthu 3 a K1,706 ndi K5,118, zonse pamodzi K37,188. Zagwirizana ndi ndalama tinayamba nayo.

Mukanangogawa ndi mitu 17, mukanapeza K2,187.50, n'kuganiza kuti ulendo unayenda bwino kuposa wodzadza. Zoona zake n'zakuti 1,090 kugawa ndi 85 ndi 12.8: ulendo umenewu unali ngati wa anthu osakwana 13 oyenda msewu wonse, chifukwa mipando iwiri inayenda yopanda munthu kuchoka pa Kamphata.

Kondakitala sangalembe mtunda wa munthu aliyense ali pakhomo la galimoto, ndipo sitikunena kuti azitero tsiku lililonse. Ndi ntchito ya masiku awiri kapena atatu, limodzi likhale la msika, lina wamba, kuti mudziwe kuti pa msewu wanu minibasi imakhala ngati ya anthu angati. Mukapeza nambalayo, muziigwiritsa ntchito mpaka nyengo itasintha, pakuti nthawi yokolola ndi miyezi ya Januwale ndi Febuluwale sizifanana.

Mafuta akakwera mtengo

Samu yomweyi imayankha mkangano umene umabuka nthawi zonse mitengo ikasintha. Dizilo akachoka pa K3,500 kufika pa K4,200, wakwera ndi 20 pa 100. Malita ndi omwe aja 10.625, ndalama yake tsopano ndi K44,625, ndipo pa anthu 14 aliyense wasenza K3,187.50. Choonjezereka ndi K531.25 pa munthu. Tiyerekeze kuti mtengo wokwerera unali K8,000. Kuukweza ndi 20 pa 100 ndi kuonjezera K1,600, katatu kuposa zimene mafuta aonjezera. Gawo la mafuta lokha ndilo lakwera, osati mtengo wonse. N'zoona kuti mafuta akakwera, matayala, oyilo ndi zipangizo zimatsatira pambuyo, ndipo mwini galimoto ali ndi ufulu woziwerengera. Koma aziwerengere pazokha ndi mitengo yake, asazibise kumbuyo kwa dizilo. Kumbali inayo, wokwera amene wamva kuti mafuta ake ndi K2,656 asaganize kuti yotsalayo ndi phindu lokhalokha. Mmenemo muli malipiro a dalaivala ndi kondakitala, a oitanira, a m'depoti, a pa chipata cha Kalinyeke, inshuwalansi, mapepala a galimoto, kukonzetsa, ndi ndalama yodzagulira galimoto ina iyi ikatha.

Nambala ikayamba kusintha yokha

Bwerezani kuyeza mamwedwe kamodzi pa mwezi komanso galimoto ikangochoka kwa makaniko. Ikatsika kuchoka pa 8 kufika pa 6.5, ulendo wa ku Dedza wafuna malita 13.08, ndalama yake K45,769, ndipo gawo la munthu pa anthu 14 lafika pa K3,269. Zili ngati mafuta akwera ndi 23 pa 100 kwa inu nokha, anzanu a pa msewu womwewo akugula pa mtengo wakale.

Yambani ndi zosafuna ndalama. Yezani mpweya wa matayala m'mawa asanatenthe, molingana ndi mlingo wa galimoto yolemedwa umene unalembedwa pa kapepala ka pa chitseko cha dalaivala kapena m'buku. Mukafika kumapeto kwa ulendo, yandikizani dzanja pa limu lililonse: limodzi likatentha kuposa anzake, buleki ya pamenepo ikugwira ndipo injini ikukoka galimoto yomangidwa. Tulutsani sefa ya mpweya muiyang'ane padzuwa, makamaka m'miyezi ya fumbi. Utsi wakuda pa chitunda umasonyeza dizilo amene sakupsa bwino, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi sefa yotsekeka kapena manozo otha. Injini ikamalira kwambiri koma liwiro osaonjezereka mukaponda pa giya yaikulu, kilatchi ikuterera. Yang'ananinso pansi pamene galimoto yagona komanso m'mphepete mwa mapaipi a mafuta ngati pali ponyowa.

Zonsezi zikakhala bwino koma nambala ili yotsika, yang'anani kope. Galimoto yodwala imamwa kwambiri tsiku lililonse mofanana. Mamwedwe akamadumpha, lero 8, mawa 6, mkuja 8, vuto kawirikawiri silikhala m'injini. Mwina malita olembedwa si amene analowa m'thanki, mwina mafuta akupopedwa usiku, mwina pali maulendo amene sakulembedwa. Chomalizachi chimagwidwa ndi ODO: yerekezani makilomita a tsiku ndi maulendo amene anenedwa. Musanaloze munthu chala, onani ngati tsikulo kunali mzere wautali wa pa pampu kapena msewu wopatutsidwa, chifukwa nazonso zimatsitsa nambala. Dalaivala watsopano amathanso kuisintha: wothamangitsana ndi anzake kulimbirana anthu pa siteji, kuponda mwamphamvu n'kumanga mabuleki mwadzidzidzi, amamwetsa galimoto kuposa woyenda liwiro lokhazikika.

Pa hayala

Gulu likabwereka minibasi, kaya ndi kwaya, aukwati kapena opita kumaliro, nthawi zambiri mgwirizano umakhala wakuti gulu ligule mafuta palokha n'kulipira galimoto padera. Apa chiwerengero cha anthu n'chodziwika, ndiye cholakwika chimakhala pa mtunda. Funsani funso limodzi musanasonkhe: kodi galimoto idikira komweko kapena ibwerera n'kudzatitenga? Ngati kwaya ya anthu 14 ikupita ku Dedza Loweruka n'kubwera Lamulungu, galimoto ikadikira iyenda makilomita 170, malita 21.25, ndalama K74,375, aliyense asonkhe K5,312.50. Ikabwerera ku Lilongwe yopanda munthu n'kudzawatenga mawa lake, iyenda makilomita 340, malita 42.5, ndalama K148,750, aliyense K10,625, ngakhale kuti maulendo awiri opanda anthuwo adzamwa mocheperako pang'ono. Kusiyana kwa pafupifupi K74,000 kumeneku ndiko muyerekeze ndi ndalama ya malo ogona ndi chakudya cha dalaivala, pamodzi ndi imene mwini galimoto angafune chifukwa chotaya ntchito ya maola amenewo. Onjezerani makilomita ochoka pa msewu waukulu kukafika ku tchalitchi kapena kumudzi kumene mukupita, ndipo ngati ndi msewu wafumbi woyenda pa giya yachiwiri ndi yachitatu, muwerengere chigawo chimenecho pa makilomita 6 pa lita m'malo mwa 8. Gwirizanani kuti galimoto inyamuke thanki ili yodzadza ndipo gulu lidzaidzadzenso pobwera pa pampu yomweyo, kuti ndalama yolipira ikhale ya malita amene pampu yaonetsa.